Njira zitatu zoikira bayasi pa thiranzisita, ndi chifukwa chake theka la voteji si pakati nthawi zonse

Thiranzisita yasilikoni siyamba kudutsitsa karenti yooneka mpaka voteji yapakati pa bezi ndi emita, yotchedwa VBE, itafika pafupifupi 0.6 V kapena 0.7 V. Siginolo yochokera ku maikolofoni ndi yamamilivoti ochepa chabe, ndipo imakwera ndi kutsika mbali zonse ziwiri za ziro. Mukailumikiza ku bezi popanda china chilichonse, thiranzisita imangokhala duu ngati simunaipatse kanthu. Choncho timayamba taidzutsa ndi karenti yokhazikika, kuti siginolo ikafika ipeze ili kale pantchito, n'kumangoikankha pang'ono m'mwamba ndi pansi. Kudzutsa kumeneku ndiye bayasi, ndipo pamene thiranzisita yaima siginolo isanabwere, kutanthauza karenti ya kolekita IC ndi voteji VCE yapakati pa kolekita ndi emita, ndi pamene mabuku amatcha Q. Ine ndizingoti poimira.

Tiyerekeze njira zitatu pa seketi imodzi yomweyo: thiranzisita ya NPN yotchedwa BC547B, siginolo yolowera ku bezi n'kutulukira ku kolekita, magetsi VCC a 12 V, ndi rezisita ya kolekita RC ya 4.7 kΩ. Tikufuna karenti yopitirira pang'ono 1 mA, kuti kolekita ikhale chapakati.

Kolekita ili ndi makoma awiri. Karenti ikazimiratu, palibe voteji yotsalira pa RC, ndipo kolekita imakwera kufika 12 V, osapitirira apo. Karenti ikachuluka kwambiri, pafupifupi voteji yonse imathera pa RC, thiranzisita n'kutsala ndi 0.2 V kapena kucheperapo. Apa timati yakhuta, ndipo ngakhale muwonjezere karenti ya bezi, ya kolekita sidutsa pafupifupi 2.5 mA. Siginolo ikagunda khoma lililonse mwa awiriwa, nsonga yake imadulidwa ndipo mawu amatuluka osasa.

Vuto lonse lagona pa nambala imodzi, beta, imene pamapepala a opanga imalembedwa hFE. Ndiyo imanena kuti karenti ya kolekita imaposa ya bezi kangati. Pa BC547B opanga amalonjeza kuti ili pakati pa 200 ndi 450, basi. Gulu la A limayambira 110 kufika 220, la C 420 kufika 800. Mathiranzisita awiri otuluka m'kathumba kamodzi angasiyane kawiri kathunthu, ndipo beta ya imodzi yomweyo imakwera ikatentha. Ndiye poyeza njira iliyonse funso ndi limodzi: beta ikasintha, poimira pasuntha bwanji?

Rezisita imodzi kuchokera ku magetsi

Iyi ndi imene aliyense amayamba nayo. Emita ipite molunjika ku galaundi, ndipo rezisita RB ichoke ku 12 V kupita ku bezi. Pa rezisitayo pamakhala 11.3 V, choncho karenti ya bezi yadziwika:

```
IB = (VCC - VBE) / RB
IC = β × IB
```

Tikaganiza kuti beta ndi 200 ndipo tikufuna pafupifupi 1.2 mA, bezi ikufunika 6 µA. RB ya 1.8 MΩ imapereka 6.3 µA, kolekita imadutsitsa 1.26 mA, n'kukhala pa 6.1 V. Papepala zakongola.

Tsopano zulani thiranzisitayo muike mnzake wa beta ya 300. Bezi ikulandirabe 6.3 µA yomwe ija, chifukwa rezisita sidziwa kuti mwasintha kanthu. Kolekita yafika 1.9 mA ndipo voteji yake yagwera pa 3.1 V. Ikani ya 450: masamu akuti 2.8 mA, koma RC singalole kupitirira 2.5 mA, ndiye thiranzisita yakhuta siginolo isanafike n'komwe. Ampulifaya yafa, koma palibe chigawo chimene chawonongeka, ndipo zonse zili mkati mwa zimene opanga analonjeza.

Zinandichitikirapo. Ndinamanga kaampulifaya ka maikolofoni mwanjira imeneyi, kanagwira bwino, ndiye ndinamanga kachiwiri kofanana ndendende. Kachiwiriko kanali zii, kamangolira phokoso lothyokathyoka ndikakuwa pafupi. Ndinasungunula mtovu pamfundo iliyonse n'kumatanso kawiri konse ndisanaganize zoika mita pa kolekita. Inawerenga 0.1 V.

Njirayi ili ndi malo ake: pamene mukufuna thiranzisita ikhale swichi yoyatsa ndi kuzimitsa, pomwe kukhuta ndiko cholinga. Pa ampulifaya imagwira pokhapokha musankhire thiranzisita iliyonse rezisita yakeyake, ndipo ngakhale mutero, kutentha kudzaisuntha.

Pali njira ina imene imaoneka yanzeru koma ndi yoipa kuposa iyi, ndiye ndiitchule mwachangu: kuika voteji yokhazikika ya 0.65 V pa bezi, emita ili pa galaundi. Karenti ya kolekita imachuluka kakhumi pa 60 mV iliyonse yowonjezera pa VBE, ndipo VBE yofunika imatsika pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse ya kutentha. Madigiri 30 okha akwanira kuchulukitsa karenti kakhumi. Isiyeni.

Rezisita yomweyo, koma yochokera ku kolekita

Zulani mwendo wa RB pa 12 V muulumikize ku kolekita. Zigawo sizinachuluke, koma khalidwe la seketi lasintha. Karenti ya kolekita ikakwera, voteji ya kolekita imatsika, ndipo poti bezi ikudyera pomwepo, karenti yake imachepa n'kubweza kolekita. Thiranzisita yayamba kudziletsa yokha.

Poti tsopano RB ikudya pa voteji yapafupi ndi theka, iyenera kuchepa. Titenge 1 MΩ.

```
IB = (VCC - VBE) / (RB + (β + 1) × RC)
VC = VBE + IB × RB
```

Pa beta ya 200 kolekita imaima pa 6.5 V. Pa 300 imatsikira ku 5.4 V, ndipo pa 450 ili pa 4.3 V. Yasunthabe ndi mavoti awiri, koma yerekezani ndi ija inagwa kuchoka pa 6.1 V mpaka pansi penipeni. Chokoma china n'chakuti njirayi singakhute ikakhala yokha popanda siginolo: kuti bezi ilandire karenti, kolekita iyenera kukhala pamwamba pa bezi. Ikani thiranzisita iliyonse ya NPN yamoyo, idzapeza poima.

Mtengo wake uli pa siginolo. RB siibweza voteji yokhazikika yokha, imabwezanso siginolo yokulitsidwa, itatembenuzidwa, kupita ku bezi. Kwa amene akutumiza siginolo, rezisita ya 1 MΩ imaoneka ngati yagawidwa ndi kukweza kwa ampulifaya. Ngati ikukweza kokwana 200, imaoneka ngati ya 5 kΩ yokha, ndipo imakhala pambali pa kukana kwa bezi komwe nakonso kuli pafupi ndi 4 kΩ. Gwero lofooka la siginolo limalemedwa, ndipo kukweza konse kumatsika. Kubwezera kumeneku si koipa kokhakokha, chifukwa kumachepetsanso kupindika kwa mawu. Koma ngati simukukufuna, dulani RB pawiri, ya 470 kΩ ndi ina ya 470 kΩ, muike kapasita kuchokera pakati pake kupita ku galaundi. Siginolo yobwerera imathera mu kapasitayo, koma voteji yokhazikika imadutsabe.

Anthu ambiri amaiderera njirayi, koma pa batire limodzi la 1.5 V kapena awiri opereka 3 V pamodzi ndi imene ndimasankha. Chifukwa chake chioneka pa njira yachitatu, imene imafuna kudya voti yathunthu kuti ikhazikike.

Chogawa voteji pa bezi ndi rezisita pa emita

Apa maganizo atembenuka. M'malo mosankha karenti ya bezi n'kumapemphera kuti beta ikhale imene tinaganiza, timasankha karenti ya emita mwachindunji, bezi n'kumatenga imene ikufuna. Marezisita awiri, R1 kuchokera ku 12 V ndi R2 kupita ku galaundi, amaimika bezi pa voteji yodziwika. Emita imakhala 0.7 V pansi pake. Voteji ya emitayo ili pa rezisita RE, ndipo lamulo la Ohm lamaliza nkhani: karenti ndi voteji ya emita kugawa ndi RE. Beta sinalowemo, kapena tinene kuti yalowa pang'ono kwambiri.

Titenge RE ya 1 kΩ, R1 ya 56 kΩ ndi R2 ya 10 kΩ. Chogawacho chimapereka voteji VTH ya 1.82 V, ndipo kwa bezi chimaoneka ngati gwero lokhala ndi kukana RTH kwa 8.5 kΩ, komwe ndi R1 ndi R2 zitaikidwa pambali ndi pambali. Kuwerengera kolondola ndi uku:

```
IE = (VTH - VBE) / (RE + RTH / (β + 1))
```

Pa beta ya 200, gawo la RTH limangowonjezera 42 Ω pa 1000 Ω, karenti ndi 1.07 mA, kolekita ili pa 7.0 V. Pa beta ya 450 karenti ndi 1.10 mA, kolekita pa 6.9 V. Ngakhale mutasokoneza n'kuika ya gulu la A ya beta ya 110, mupeza 1.04 mA. Singano ya mita singasunthe mooneka.

Kuti zimenezi zitheke pali zinthu ziwiri zoti musaphonye. Choyamba, chogawa chikhale cholimba, karenti yodutsa mu R1 ndi R2 ipose ya bezi kakhumi kapena kupitirira. Pano mukudutsa pafupifupi 180 µA pomwe bezi ikutenga 5 µA. Mukakulitsa marezisita awiriwo kakhumi pofuna kusunga batire, bezi imakoka chogawacho n'kuchitsitsa, ndipo beta yabwerera m'nyumba. Mukawachepetsa kwambiri, mukuwononga karenti pachabe ndiponso mukulemetsa gwero la siginolo.

Chachiwiri ndi kukula kwa voteji ya pa emita. Kumbukirani 2 mV pa digiri ija. Thiranzisita ikatentha ndi madigiri 30, VBE imatsika ndi 60 mV, ndipo 60 mV imeneyo imakagwera pa RE. Pamwamba pa 1.1 V, karenti imangokwera ndi magawo asanu pa zana. Mukanakhala kuti munaumira n'kuika 0.1 V yokha pa emita, ikanakwera ndi pafupifupi theka. N'chifukwa chake timapereka voti imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Pa 12 V sitimva kupweteka. Pa 1.5 V voti imeneyo kulibe.

Pakati ndi pati?

Lamulo lofala limati ikani kolekita pa theka la voteji ya magetsi. Ndi poyambira pabwino, koma limaiwala zinthu ziwiri, ndipo seketi yathuyi ikuonetsa zonse.

Choyamba, pansi si ziro ayi. Emita ili pa 1.07 V, ndipo kolekita singatsike kupyola emita kuphatikizapo 0.2 V ya kukhuta, ndiye khoma lapansi lili pafupi ndi 1.3 V. Kuchokera pa 7.0 V, kolekita ili ndi mpata wa 5.0 V kukwera ndi 5.7 V kutsika. Ndiye 7 V, osati 6 V, ndiyo ili chapakati. Apa ndikuwerengera kuti RE yalambalalidwa ndi kapasita, moti emita siyenda ndi siginolo.

Chachiwiri ndi chimene ambiri amachiphonya. Ampulifaya siikhala yokha, imadyetsa china, chimene timachitcha katundu, kudzera mu kapasita. Tinene kuti gawo lotsatira lili ndi kukana kwa 10 kΩ. Voteji yokhazikika siliona chifukwa kapasita yatchinga, koma siginolo imaona 4.7 kΩ ndi 10 kΩ zili pambali ndi pambali, zomwe ndi 3.2 kΩ. Potsika palibe chasintha kwenikweni, thiranzisita imakoka karenti yochuluka mpaka kukhuta. Koma pokwera, zimene thiranzisita ingachite ndi kungosiya kukoka, ndipo singasiye yoposa imene inali kukoka poyamba. Ikazimiratu, karenti yasintha ndi 1.07 mA yokha, ndipo 1.07 mA pa 3.2 kΩ ndi 3.4 V. Kolekita sifikanso 12 V, imathera pa 10.4 V. Tsopano mpata ndi 3.4 V m'mwamba ndi 5.7 V pansi. Siginolo idzadulidwa pamwamba pomwe pansi patsala malo ambiri osagwiritsidwa ntchito.

Mankhwala ake ndi kuwonjezera karenti. Sinthani R1 ikhale 47 kΩ. Chogawa chikupereka 2.1 V, karenti yafika 1.35 mA, emita ili pa 1.35 V, kolekita yatsikira pa 5.7 V, ndipo VCE ndi pafupifupi 4.3 V. Mpata wokwera tsopano ndi 1.35 mA pa 3.2 kΩ, womwe ndi 4.3 V, wotsika ndi 4.1 V. Mwapeza pafupifupi voti yathunthu pambali imene inali yopapatiza, posintha rezisita imodzi. Lamulo lenileni ndi lakuti IC kuchulukitsa ndi kukana kumene siginolo imaona pa kolekita kufanane ndi VCE kuchotsapo ya kukhuta. Katundu akalemera, poimira payenera kusunthira ku karenti yochuluka.

Koma musavutike nazo ngati siginolo yanu ndi yaing'ono. Gawo loyamba la maikolofoni lotulutsa 200 mV silidzayandikira khoma lililonse, kaya kolekita ili pa 4 V kaya pa 8 V. Pamenepo chofunika ndi kusankha karenti: yochepa imasunga batire ndipo imakweza kukana kwa polowera, yochuluka imatha kudyetsa katundu wolemera. Ichi n'chifukwa chinanso chimene njira yachiwiri ija, ndi kusuntha kwake kwa mavoti awiri, imakwanira bwino pa magawo oyamba.

Za RE ndi kukweza

RE imene yakhazikitsa poimira ndi yomweyo imapha kukweza. Popanda kapasita pambali pake, kukweza ndi 3.2 kΩ kugawa ndi 1 kΩ, katatu kokha. Mukailambalala yonse ndi kapasita, chotsala ndi kukana kwamkati mwa emita, komwe timakupeza pogawa 25 mV ndi karenti: pa 1.35 mA ndi pafupifupi 19 Ω. Kukweza kumalumpha kufika cha ku 170. Nambalayi imasangalatsa, koma 19 Ω imeneyo imasintha ndi karenti, ndipo karenti ndi imene siginolo ikuisintha. Theka limodzi la funde limakwezedwa kuposa linzake, moti siginolo yolowera ikangopitirira mamilivoti ochepa, kupindika kumayamba khoma lisanafikidwe. Mpata wa mavoti anayi uja simungaugwiritse ntchito mwaukhondo.

Ine ndimadula RE pawiri: 100 Ω yosiyidwa yokha, ndi 910 Ω yolambalalidwa. Voteji yokhazikika ikuonabe pafupifupi 1 kΩ, ndiye poimira sipanasunthe. Siginolo ikuona 119 Ω, kukweza kuli cha ku 27, ndipo gawo lalikulu la kukanako ndi rezisita yeniyeni yosasintha. Kapasita ya 100 µF ikukwanira kuti mawu otsika mpaka cha ku 20 Hz adutse. Onani kuti kukula kwa kapasitayo kumawerengeredwa pa 119 Ω, osati pa 910 Ω. Amene amawerengera pa rezisita yaikuluyo amaika kapasita yaing'ono kwambiri, kenako n'kumadabwa kuti mawu a besi apita kuti.

Mita ikuuzeni

Musanalowetse siginolo, yezani mfundo zitatu kuchokera ku galaundi. Pa seketi ya R1 ya 47 kΩ muyembekezere bezi pafupi ndi 2.0 V, emita pafupi ndi 1.35 V kapena 1.4 V, kolekita pakati pa 5.4 V ndi 5.8 V. Voteji ya emita ndiyo karenti yanu: pa 1 kΩ, voti iliyonse ndi 1 mA, simufunika kudula waya kuti muyeze.

Kolekita ikakhala pa 12 V ndipo emita pa ziro, thiranzisita yazima. Onani bezi: ngati nayonso ili pa ziro, R1 sinalumikizike kapena china chagwetsera bezi ku galaundi. Kolekita ndi emita zikayandikana mpaka kusiyana ndi 0.2 V kapena kucheperapo, yakhuta, ndipo kawirikawiri ndi R2 yosalumikizika, marezisita awiri osinthanitsidwa, kapena kapasita yolowetsera siginolo imene yaikidwa chozondoka ndipo ikudontheza voteji ya gawo lam'mbuyo. Bezi ikatsika kwambiri kuposa imene munawerengera, kolekita ili pamwamba kuposa poyenera, kaikirani miyendo. Mukayang'ana mbali yafulati miyendo italoza pansi, BC547 imayamba ndi kolekita kumanzere, bezi pakati, emita kumanja, pomwe 2N3904 imayamba ndi emita n'kumaliza ndi kolekita. Thiranzisita yotembenuzidwa imagwirabe pang'ono, ndi beta yochepa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake imapusitsa.

Amene ali ndi osilosikopu aziyang'ana pa kolekita akukweza siginolo pang'onopang'ono. Nsonga zapamwamba zikayamba kuphwathalala, karenti yachepa, chepetsani R1. Zapansi zikayamba kudulidwa mwakuthwa, yakhuta, kulitsani R1. Chitani zimenezi katundu weniweni atalumikizidwa, chifukwa popanda iye mudzaika poimira pa 7 V paja n'kuganiza kuti mwamaliza.

Kuyesa kumene ndimakonda n'kosafuna chida china. Siyani mita pa kolekita, mutsine thupi la thiranzisita ndi zala ziwiri kwa masekondi makumi awiri kapena atatu. Pa njira ya rezisita imodzi yochokera ku magetsi, nambala zimayamba kutsika mukuona. Pa ya kolekita zimatsika pang'ono n'kuima. Pa ya chogawa ndi RE, kolekita imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a voti kapena kucheperapo, n'kubwerera mukachotsa zala.